Maso achikasu a Magdalena Nankhoma

A Magdalena Nankhoma anabadwira kufupi ndi kwa Dzoole m'chaka cha 1966, ndipo anabwera kuno ku Malomo ndi ukwati. Amuna awo a Mose anali mlimi wa fodya, munthu wofatsa, koma sanakhalitse. Anamwalira mu 2003 n'kuwasiyira ana anayi ndi chigafa chodontha. Achibale a mwamuna anawalola kukhala pamalopo, koma thandizo lawo linathera pomwepo.

Sindibisa zimene mayiyu anachita kuti alere anawo, poti eni akenso sabisa. Anatcheza kachasu zaka khumi ndi chimodzi. Kachasu wawo ankadziwika mpaka kwa oyendetsa njinga za kabaza a ku Mponela. Ife akulu a mpingo tinkadutsa pakhomo pawo titayang'ana kumbali, iwo n'kumatipatsa moni mokweza kuti tiyankhe basi.

Mu 2014 mwana wawo wotsiriza atamaliza Folomu 4, anatulutsa mbiya ndi mpope wotchezera n'kuziphwanya masana anthu akuona. Analowa kalasi, anabatizidwa, ndipo patapita zaka ziwiri anavala yunifolomu ya amayi a Chigwirizano. Chiyambire pamenepo akhala akugulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Malomo. Pamaliro ndi amene amayamba kufika ndi nkhuni. Pakamwa pokha mpamene sipanatembenuke. Munthu akanama pamaso pawo amamuuza pomwepo, kaya ndi pamsika kaya ndi pakhomo la tchalitchi, ndipo chifukwa cha ichi owakonda alipo, owaopa ndiwo ambiri.

Chaka chatha mawondo anayamba kuwavuta. Kuchipatala anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, anawapatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, ndipo anawalangiza kuti achepetse thupi. Nkhaniyi anaifotokoza Lachinayi lina pamsonkhano wa amayi. A Manesi, akazi awo a Rodrick Chadza amene ndi mlembi wa bwalo la akulu a mpingo, anawatengera pambali n'kuwaonetsa kabotolo koyera kokhala ndi chithunzi cha tsamba. Mabotolowa ankawalandira kuchokera kwa mlongo wawo wa ku Joni, iwonso ankamwa, ndipo amayi ena asanu a m'gulumo anali atagula kale.

"Si mankhwala awa, Anankhoma," anatero a Manesi. "Ndi tiyi wobiriwira basi, angomuika m'makapisozi. Pabotolopa alemba awiri, koma inu thupi lakolo, imwani anayi m'mamawa musanadye kanthu. Mafuta asungunuka ngati mafuta ophikira a Kazinga pamoto."

A Magdalena ndi munthu woti akagwira chinthu amagwiradi. Tsiku lililonse ankameza anayi ndi madzi, n'kupita kudimba, osalawa kanthu mpaka dzuwa litafika pamutu. Thupi linatsikadi pang'ono. M'mwezi wachitatu anayamba kutopa ndi kuchita nseru. Mkodzo unada. Tsiku lina mnzawo wogulitsa usipa anawayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Anankhoma, maso anuwo bwanji akukhala ngati papaya?"

Anawagoneka kuchipatala cha boma masiku khumi ndi awiri. Malungo sanapezeke. Anawafunsa ngati amamwa mowa, anati ayi. Anawafunsa mankhwala amene akumwa, anatchula a kuthamanga kwa magazi aja. Anawafunsa za zitsamba, ndipo apa anapsa mtima, nati iwo ndi Mkhristu, kwa sing'anga anasiya kalekale. Za kabotolo kaja sanatchule. Sanabise dala ayi. M'mutu mwawo kanali tiyi, wogulidwa kwa mkazi wa mlembi pamsonkhano wa mapemphero, ndipo palibe munthu amauza dokotala kuti ndimamwa tiyi. Kabotoloko kanatsala kunyumba pawindo. Ali m'chipatala maso anayamba kuyera, ndipo anawatulutsa.

Atafika kunyumba anayambiranso kumeza anayi m'mamawa. Sipanathe milungu iwiri, chikasu chinabwerera choposa poyamba, thupi lonse likuyabwa.

Mudzi unamaliza nkhani pomwepo. Munthu amene anatcheza kachasu zaka khumi ndi chimodzi, chiwindi chadwala, m'chipatala mopanda mowa akuchira, kunyumba akudwalanso. Anthu anati nanga mufunanso umboni wanji? Wina anati anawaona akutuluka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wotcheza. Zinali zoona, anapitako kukasiya anyezi, koma za anyezi palibe anazinena. Mumpingo mwathu mowa si nkhani yokambirana. Mkhristu akamwa amaimitsidwa pa Mgonero, ndipo ngati ndi mayi wa Chigwirizano amavula yunifolomu. Bwalo linakhala a Magdalena ali gone kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anawatumiza ulendo wachiwiriwu. Tinagwirizana zowaimitsa. Ine ndinali pabwalopo ndipo ndinakweza nawo mkono. Lamulungu lotsatira a Rodrick anawerenga dzina lawo pa zolengeza, tchalitchi chitadzaza.

Ku Lilongwe anakumana ndi dokotala wina dzina lake a Timothy. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera ndi mwana wawo wamkazi, Talandira, amene ankawadikirira. Dokotalayo anayeza magazi n'kupeza kuti tizilombo toyambitsa matenda a chiwindi mulibe. Anajambula m'mimba, njira ya ndulu inali yosatsekeka. Ndiye anauza Talandira kuti akhuthule pabedi chilichonse chimene mayi ake amameza, kaya ndi cha m'sitolo, kaya ndi chakudya, kaya ndi mchere wa m'mimba. M'chikwama munatuluka kabotolo kaja.

"Ameneyo ndi tiyi, adokotala," anatero a Magdalena.

"Mwamwa nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi itatu. Kupatula masiku amene ndinagona kuchipatala kwathu."

"Ndipo masiku amenewo munayamba kuchira?"

"Eya."

"Mutabwerera kunyumba munayambiranso?"

A Magdalena anakayang'ana kabotoloko nthawi yaitali.

Dokotalayo anawafotokozera bwinobwino. Tiyi wobiriwira ndi tsamba lomwelo la tiyi amene timamwa, kungoti salisiya kuti lide. M'tsambamo muli kanthu kena kamene amakalemba ndi zilembo zinayi, EGCG. Munthu akaviika masamba m'madzi otentha, kanthuko kamatuluka pang'ono, amamwa kapu imodzi pang'onopang'ono, kawirikawiri ali ndi mbatata kapena chigumu m'mimba, ndipo chiwindi chimakonza popanda vuto. Koma kufakitale amakoka kanthuko m'masamba ambirimbiri n'kukaumitsa kukhala ufa. Malinga ndi zolembedwa pabotolo lija, makapisozi anayi anali ndi mlingo woposa wa makapu khumi, wonse kulowa kamodzi. Ndipo m'mimba mukakhala mopanda kanthu, kochuluka kamalowa m'magazi mofulumira. Anawonjeza kuti zolembedwa pamabotolo otere nthawi zina sizifanana ndi zimene zili m'kati.

"Nanga anzanga asanu ndi mmodzi akumwa, bwanji ali bwinobwino?"

"Ambiri sawapweteka, mayi. Amene amadwala ngati inu ndi ochepa kwambiri, ndipo zikuoneka kuti zimatengeranso chibadwa cha thupi la munthu. Vuto ndi loti sitingamudziwiretu. Timamudziwa atadwala kale. Inu tsopano tadziwa. Musadzamwenso ngakhale kamodzi, chifukwa ulendo wachitatu chiwindi chikhoza kuleka kugwira ntchito."

"Kumudzi akuti ndi kachasu."

"Ndikufunsaninso, mumamwa?"

"Chiphwanyireni mbiya sindinalawe."

"Magazi anu akugwirizana nanu. Chiwindi cha munthu wa mowa chimaonetsa manambala a mtundu wina. Anuwa akwera kutali kwambiri, ngati mmene zimakhalira chiwindi chikavulazidwa ndi mankhwala. Sindinganene kuti ndaona zonse za pakhomo panu, koma zimene ndapeza ndilemba."

Analemba m'kabuku kawo ka kuchipatala n'kudinda. Chithandizo chachikulu chinali kusiya makapisoziwo ndi kumayezedwa magazi. Patapita milungu itatu anawatulutsa, maso asanayere kwenikweni.

Anamva za kuimitsidwa kwawo ali m'minibasi pa Mponela, kuchokera kwa kondakitala. Lamulungu loyamba anabwera kutchalitchi. Sanakhale kumbuyo kumene oimitsidwa amakonda kubisala. Anakhala pabenchi lawo la nthawi zonse, lachitatu kuchokera kutsogolo, atavala chitenje wamba, ndipo anaimba mokweza kuposa onse.

Mwambo wathu ndi wodziwika. Woimitsidwa amabwera pabwalo, amavomera kulakwa, amalowa kalasi la obwerera miyezi ingapo, kenako amalandiridwanso. Njira imeneyi ndi yosavuta, ndipo ambiri, olakwa ndi osalakwa omwe, amangoidutsa kuti nkhani ithe. Abusa anandituma ine ndi a Rodrick kuti tikawauze zimenezi. Tinawapeza pakhonde akusankha tomato.

"Anankhoma, mpingo ndi mayi," anayamba a Rodrick. "Sutaya mwana. Mungobwera mudzanene mawu awiri, Pasaka ikamafika mwabwerera."

"Mawu ake ati?"

"Oti munagwa, mwalapa."

"Ndinagwa kuti?"

"Aaa, mayi, tisavutane. Zimadziwika."

"A Chadza, pamene ndinkatcheza ndinabisapo? Simunkadutsa apa inu khosi litapindikira kuchigafa ngati mwagona molakwika? Ndinalapa za kachasu mu 2014, pamaso pa anthu. Machimo ndili nawo ena, mukafuna ndikuwerengerani, mukhala pano mpaka nkhuku zilowe. Koma ili si langa. Ndikanena kuti ndinamwa ndiye kuti ndanama pabwalo la mpingo, kenako mundipatse chikho ndi bodza lili m'kamwa. Ayi. Ndiitaneni ndidzayankhe, osati ndidzalape."

Ana awo anawachonderera kuti angovomera. Talandira analira, nati anthu akumuloza pamsika. Amayi ena anasiya kugula tomato wawo. Mgonero wa mwezi umenewo unadutsa iwo atakhala pabenchi lachitatu, mbale ikuwalumpha. Ine ndi amene ndinanyamula mbaleyo. Anandiyang'ana m'maso mpaka ndinadutsa.

Bwalo linawaitana Loweruka lina m'mawa. Tinalipo akulu khumi ndi anayi ndi abusa. Anabwera ndi kabuku ka kuchipatala ndi kabotolo, n'kuziika patebulo. Mphunzitsi wina amene ndi mkulu wa mpingo anawerenga zimene dokotala analemba n'kumasulira. A Rodrick anamvetsera atapinda manja.

"Ndi ulemu wonse kwa adokotala," anatero, "tonse muno timamwa tiyi. Ine ndamwa makapu awiri lero. Amayi anga anamwa tiyi mpaka zaka makumi asanu ndi anayi. Tiyi anayamba liti kudwalitsa chiwindi?"

Ena anaseka. A Magdalena anadikira kuti amalize.

"Abusa, mundilole ndilankhule za ntchito yanga yakale, poti ndi imene mwandiitanira. Ndinkaviika gaga ndi shuga m'mbiya yaikulu, yofika m'chiuno muno. Zikawira, madzi akewo munthu akhoza kumwa chikho n'kupita kukalima. Koma ndikaika pamoto n'kutcheza, mbiya yonse ija inkatuluka mabotolo owerengeka. Loyamba kutuluka ndinkachita kulisungunula ndi lomaliza, chifukwa lokha likhoza kugoneka mwamuna wamkulu osadzukanso. Gaga yemweyo, shuga yemweyo. Ndiye munthu adzaime apa adzati, gaga timadyetsa nkhuku, anayamba liti kupha munthu? Zili m'kabotolomu ndi tiyi amene amuchita zimene ine ndinkachita ndi gaga. Njira yake ndi ina, koma nzeru yake ndi yomweyo, kuchotsa madzi ndi zinyalala kuti patsale ukali wokhawokha. Ine ndinali woyenera kuzindikira msanga kuposa nonsenu. Kupusa kwanga n'kumeneko, ndipo ngati pali kalasi la opusa ndilembeni lero. La mowa ayi."

A Rodrick anayesanso.

"Akunyumba kwanga akumwa omwewo. Amayi ena asanu akumwa. Palibe wadwala. Ngati ndi makapisozi, bwanji asankha inu nokha?"

"Njuchi zinaluma anthu angati pamaliro a kwa a Paulo chaka chija? Tonse tinatupa pang'ono n'kupitiriza nyimbo. Mmodzi yekha anabanika mpaka kumunyamula pangolo. Munamuimitsa pa Mgonero?"

Mkulu wina wachikulire, amene sindimutchula, anati njira yachidule ilipo. Amwenso makapisoziwo sabata ziwiri akugona kunyumba ya abusa kumene kulibe mowa, tione ngati maso asinthe.

"Adokotala anati ulendo wachitatu ndikhoza kufa," anayankha a Magdalena. "Mukufuna mudzandikhulupirire ndili m'bokosi? Mudzaimba bwino, ndikudziwa. Koma umboni ndakupatsani kale wina. Ndakhala pakhomo panga miyezi iwiri tsopano. Wotcheza uja sanasamuke, ali pomwe paja. Makapisozi okha ndi amene ndasiya. Bwerani mundiyang'ane."

Anayenda kuzungulira tebulo, akutsitsa chikope ndi chala pamaso pa mkulu aliyense, mmodzimmodzi. Ena anayang'ana pansi. Maso anali oyera.

Tinawatulutsa panja kuti tikambirane. Sindiulula zonse za m'bwalo. Ndingonena kuti ndinaimirira n'kunena kuti tinaweruza munthu ali m'chipatala, osamumva, pa umboni wa mbiri yake yakale, ndipo mkono wanga unali nawo. Titavota, khumi ndi mmodzi anati abwezeredwe popanda kalasi. Pamenepo a Rodrick anapempha chinthu chimodzi, kuti zichitike mwakachetechete. Anati tikalengeza, anthu adzafunsa kumene makapisozi anachokera, ndipo dzina la banja lawo lidzayenda pamsika. Ambiri anawamvera chisoni. A Manesi sanafune kupweteka munthu, iwonso ankakhulupirira kuti ndi tiyi chabe.

Tinawaitana a Magdalena. Abusa anawauza kuti bwalo lawapeza osalakwa, ndipo anawatambasulira khadi lawo la Mgonero.

Sanalilandire.

"Mulengeza liti?"

"Taona kuti n'kwabwino zingothera muno, mayi. Lamulungu mungovala yunifolomu, anthu aona okha."

"Aona kuti Nankhoma amukhululukira. Ine sindikufuna kukhululukidwa chimene sindinachite. Dzina langa munaliwerenga kutsogolo, anthu mazana atatu akumva, ana anga ali pomwepo. Mukaliwerengenso pomwepo, ndi pakamwa pomwepo."

"Anankhoma," anatero a Rodrick, mawu atatsika, "mukufuna akunyumba kwanga achite manyazi?"

"Dzina la a Manesi musalitchule, ine sindinawasumire. Koma mutchule makapisozi. Muli amayi asanu muno akumeza anayi m'mimba muli gwa, ndipo sadziwa kuti mkodzo ukada ayenera kusiya n'kuthamangira kuchipatala atanyamula botolo. Mwina palibe adzadwale. Mwina mmodzi. Mukufuna naye mudzamuimitse?"

Khadi linatsala patebulo. Anatenga kabuku kawo n'kutuluka.

Milungu itatu inadutsa. Lamulungu lililonse ankakhala pabenchi lachitatu ndi chitenje wamba, zolengeza n'kutha popanda dzina lawo. Anthu anayamba kufunsa chifukwa chimene munthu amene akuti wapezeka wosalakwa sakuvala yunifolomu, ndipo aliyense wowafunsa pamsika ankamuuza kuti akafunse mlembi. Amene anathetsa nkhaniyi ndi a Manesi. Lachinayi lina anaimirira okha pamsonkhano wa amayi, nanena kuti mabotolo aja anagulitsa ndi iwo, kuti za anayi m'malo mwa awiri ananena ndi iwo, ndipo sadzaitanitsanso. Amayi atatu anasiya kumwa. Awiri anati iwo akupeza bwino ndipo apitiriza, koma makapisozi awiri patsiku ndiponso atadya. A Magdalena anawauza zizindikiro zoyenera kuyang'anira, nawonjeza kuti mlingo wochepa umachepetsa ngozi koma suichotsa. Sanawakakamize.

Zitatero a Rodrick analibenso choti ateteze. Lamulungu lotsatira anaimirira ndi buku la zolengeza. Anawerenga za msonkhano wa achinyamata ndi za ntchito yokonza denga. Kenako anawerenga mofulumira, mutu uli m'buku, kuti bwalo linalakwitsa poimitsa mayi Magdalena Nankhoma, kuti sanamwe mowa, kuti matenda awo anachokera ku makapisozi a tiyi wobiriwira ochepetsa thupi, ndipo abwezeredwa pa zonse.

A Magdalena anaimirira pabenchi lawo.

"Akumbuyo sanamve, a Chadza. Tsiku lija akuti munakweza."

Abusa anagwedeza mutu kuti abwereze. A Rodrick anawerenganso, mokweza, mawu amodziamodzi, mpaka amayi okhala pakhomo ndi ana kumbuyo anamva. Atamaliza, a Magdalena anapita kutsogolo, analandira khadi lawo ndi manja awiri, anagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kubwerera pamalo pawo.